Kadontho pa sikirini yatsopano: kapezeni masiku obweza katundu asanathe

Monita, laputopu, foni kapena wailesi yakanema ikhoza kutuluka m'katoni ili yatsopano, pulasitiki isanachotsedwe, koma ili kale ndi kadontho kamodzi kosagwira ntchito. Ambiri amadzakaona patapita milungu, sitolo itasamba kale m'manja. Kuyesa sikirini sikutenga nthawi yaitali ndipo sikufuna ndalama, koma kumapindula mukakuchita tsiku lomwe mwalandira katunduyo. Mafunso ali m'munsiwa akufotokoza chimene mukufufuza, mmene mungachionere, ndi zoti muchite mukachipeza.

Kodi kadontho kakufa n'chiyani, ndipo kamasiyana bwanji ndi komata?

Chithunzi chilichonse cha pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere, timene amisiri amati mapikiselo. Sikirini yolembedwa 1920 × 1080 ili ndi timadontho 2,073,600, pamene ya 3840 × 2160, imene imagulitsidwa ndi dzina loti 4K, ili ndi timadontho 8,294,400. Kadontho kalikonse kali ndi tizigawo titatu: kofiira, kobiriwira ndi ka buluu. Tonse titatu tikayaka mokwanira maso amaona kuyera, tonse tikazima amaona mdima, ndipo mitundu ina yonse imachokera pa kusakaniza titatuti.

Pa sikirini ya LCD, kuwala kumachokera ku nyali za kumbuyo. Kachigawo kalikonse kamakhala ngati zenera la galasi la mtundu umodzi, limene limatseguka kapena kutsekeka molamulidwa ndi kasiwichi kake ka magetsi. Kasiwichi kameneka kakalephera, zeneralo limangokhala pamene lili, ndipo mpamene mavuto atatu odziwika amachokera. Kadontho kakufa ndi kamene tizigawo take tonse tazimiratu, moti kamaoneka kakuda kaya chithunzi chikhale chotani. Kadontho kowala ndi kamene tizigawo tonse tangokhala chiyakire, ndipo kamaoneka koyera ngakhale pamalo pamdima. Kadontho komata ndi kamene kachigawo kamodzi kapena tiwiri takakamira, choncho kamaonetsa mtundu wolakwika, monga kufiira pamene pakuyenera kuda.

M'mapepala a waranti ndi pa intaneti mudzapeza mayina oti `dead pixel`, `bright pixel` ndi `stuck pixel`. Ndi bwino kuwadziwa chifukwa ndi amene wogulitsa adzagwiritse ntchito pokuyankhani.

Popeza pali waranti ya chaka, kuthamangira masiku obweza katundu n'kwachiyani?

Apa mpamene ogula ambiri amapwetekera. Waranti ya kampani yopanga sikirini nthawi zambiri siona kadontho kamodzi ngati vuto. Pali muyezo wa padziko lonse, ISO 9241-307, umene udalowa m'malo mwa ISO 13406-2, ndipo umagawa masikirini m'magulu molingana ndi kuchuluka kwa timadontho tolakwika timene tingaloledwe. Gulu lachiwiri, limene makampani ambiri amatsamirapo pa masikirini wamba, limalola timadontho tiwiri towala ndi tiwiri takufa pa timadontho miliyoni imodzi iliyonse, kuphatikizapo tizigawo tomata tingapo.

Tawerengerani nokha. Monita ya 1920 × 1080 ili ndi timadontho topitirira pang'ono mamiliyoni awiri, ndiye kuti ikhoza kukhala ndi timadontho tinayi takufa n'kumanenedwabe kuti ilibe vuto. Pa sikirini ya 4K chiwerengerocho chimafika cha m'ma 16. Kampani iliyonse imalemba malamulo akeake, ndipo ena ndi okomera wogula kuposa pamenepa. Mwachitsanzo, Dell imasintha monita za mtundu wa UltraSharp ngakhale patapezeka kadontho kowala kamodzi kokha m'nthawi ya waranti. Koma lonjezo lotere limakhala la mitundu ina yodula, ndipo kawirikawiri limakhudza kadontho kowala, osati kakuda.

Masiku obweza katundu amayendera mfundo ina. Kumene ufuluwu ulipo, simufunika kutsimikizira munthu kuti sikirini yapitirira muyezo uliwonse. Mwaiona, simudaikonde, mwaibweza. Masikuwo akatha, mumatsala ndi waranti yokha, imene ingakuuzeni kuti kadontho kamodzi n'kololedwa ngakhale kali pakati penipeni pamene mumayang'ana tsiku lonse.

Masiku obwezawo amakhala angati, ndipo amayamba kuwerengedwa liti?

Zimatengera dziko ndi sitolo. Ku Britain ndi m'mayiko a European Union, munthu wogula pa intaneti ali ndi masiku 14 kuchokera pamene walandira katundu oti asinthe maganizo popanda kupereka chifukwa. Ku Britain kulinso lamulo la Consumer Rights Act la 2015, limene limapereka masiku 30 okana katundu amene ali ndi vuto. Ku South Africa, lamulo la malonda a pa intaneti la 2002 limapereka masiku 7 osinthira maganizo, ndipo Consumer Protection Act ya 2008 imalola kubweza katundu wolakwika m'miyezi isanu ndi umodzi. Kumbukirani kusiyana kwa ziwirizi: kusintha maganizo sikufuna chifukwa, pamene kubweza katundu wolakwika kungadzetse mkangano woti kaya kadontho kamodzi ndi vuto kapena ayi.

M'masitolo a ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, nthawi yobweza imakhala imene mwagwirizana ndi wogulitsa, ndipo nthawi zambiri imangonenedwa pakamwa. Musatuluke m'sitolo isanalembedwe pa risiti. Funsani molunjika kuti, "Ndikakapeza kadontho pa sikirini kunyumba, ndili ndi masiku angati oti mundisinthire?" Yankho lake alilembe pamodzi ndi tsiku logula ndi nambala ya chipangizocho.

Ngozi yaikulu ili pa katundu wogulidwa kunja. Mchimwene wanu akakugulirani laputopu ku Joni kapena ku Manchester, masiku obweza amayamba kuwerengedwa pamene iye walandira, osati pamene yafika m'manja mwanu. Ikadikira munthu wobwera kumudzi kapena basi yonyamula katundu, masikuwo amathera m'njira, ndipo kuibweza kumeneko kungadye ndalama zambiri. Choncho woyenera kuyesa ndi amene walandirayo, asanaitumize. M'pempheni atsegule katoni, ayese mitundu isanu yofotokozedwa m'munsimu, akutumizireni zithunzi.

Ndikonzekere bwanji ndisanayambe kuyesa?

Tsegulani katoni mosamala ndipo musataye chilichonse: katoni, zotetezera za m'kati, timatumba, mawaya ndi timabuku. Masitolo ambiri amafuna katundu abwerere mmene adachokera. Ngati ndi foni, musaimate kaye galasi loteteza, chifukwa fumbi lotsekeredwa pansi pa galasilo limafanana kwambiri ndi kadontho kakufa, komanso wogulitsa angapezerepo chifukwa chokanira.

Kenako pukutani sikirini ili yozimitsa, ndi kansalu kofewa kopukutira magalasi a maso. Ngati pali litsiro lokakamira, nyowetsani kansaluko pang'ono ndi madzi oyera, osati kuthira madzi pa sikirini penipeni, ndipo musasindikize. Timadontho tambiri timene timaopsa anthu poyamba timangokhala fumbi.

Yatsani sikirini ndi kuisiya mphindi makumi awiri kuti itenthe ndi kukhazikika. Pa kompyuta ya Windows, lowani mu `Display settings` ndi kuonetsetsa kuti `Display resolution` ili pa nambala yolembedwa `Recommended`. Zimitsani `Night light` kapena china chilichonse chochepetsa mtundu wa buluu, chifukwa chimabisa vuto la kachigawo ka buluu. Kwezani kuwala. Pa wailesi yakanema ndi monita zina, zimitsaninso `Local Dimming` kapena `Dynamic Contrast`. Zimenezi zimachepetsa nyali za kumbuyo chithunzi chikakhala chakuda, ndiye kadontho kowala kamazimiririka pa nthawi yomwe mukukafuna.

Mitundu yoyesera ndiipeza kuti, makamaka ngati ndilibe bandulo?

Chimene mukufuna ndi mtundu umodzi wodzaza sikirini yonse, popanda malemba kapena mizere. Mitundu yake ndi isanu: wakuda, woyera, wofiira, wobiriwira ndi buluu. Wotuwa ngati phulusa ndi wowonjezera wothandiza. Pa intaneti pali masamba aulere oyesera, monga la kampani ya EIZO, koma mungathe popanda intaneti. Tsegulani Chrome, Edge kapena Firefox, lembani mzere uwu pamene mumalemba adiresi, dinani `Enter`, kenako `F11` kuti mtunduwo udzaze sikirini:

```
data:text/html,<body bgcolor=red>
```

Mukamaliza kuona, dinaninso `F11` ndi kusintha mawu oti `red` kukhala `black`, `white`, `lime`, `blue` kapena `gray`. Pa mtundu wobiriwira lembani `lime`, osati `green`, chifukwa `green` amayatsa tizigawo tobiriwira mwatheka chabe, pamene `lime` amatiyatsa mokwanira.

Njira ina ndi PowerPoint: pangani masamba asanu ndi limodzi opanda malemba, lililonse mulipatse mtundu wake kudzera pa `Format Background`, kenako dinani `F5`. Ngati m'mwamba ndi m'munsi mwatsala mizere yakuda, ndiye kuti tsambalo silikufanana kukula ndi sikirini, ndipo malo amenewo sanayesedwe. Pa wailesi yakanema, sungani mitunduyi ngati zithunzi za JPG pa fulashi n'kuilowetsa kumbuyo. Fulashi imeneyi ndi yabwinonso kupita nayo kusitolo, kuti muyesere pomwepo musanapereke ndalama. Pa mafoni ambiri a Samsung Galaxy, kuimba `*#0*#` kumatsegula tsamba lobisika lokhala ndi mabatani a `RED`, `GREEN` ndi `BLUE`. Pa mafoni ena, tumizani zithunzi za mitundu ija ndi kuzitsegula modzaza sikirini.

Ndiyang'ane motani kuti kadontho kasandiphonye?

Dziwani kaye kuchepa kwa chimene mukufuna. Pa monita ya mainchesi 24 ya 1920 × 1080, kadontho kamodzi n'kotambalala pafupifupi mamilimita 0.28. Pa ya mainchesi 27 ya 4K n'kosakwana mamilimita 0.16, ndipo kachigawo kamodzi ndi gawo limodzi mwa atatu la pamenepo. Pa foni n'kochepa kwambiri kuposa apa. Munthu woyang'ana sikirini yonse kamodzi, ataima patali, sangaone kanthu.

Sendezani nkhope ifike masentimita 30 mpaka 40 kuchokera pa sikirini, ndipo ngati mumavala magalasi owerengera, valani. Gawani sikirini m'maganizo mwanu m'mizere yopingasa, uliwonse wokula ngati chikhatho. Yambani pakona ya kumanzere m'mwamba, yendetsani maso pang'onopang'ono mpaka kumanja, tsikani mzere wina, bwererani. Mutu uziyenda pamodzi ndi maso kuti malo amene mukuona mukhale mukuwayang'ana molunjika. Musadumphe m'makona ndi m'mphepete, pamene maso amakonda kuthamanga. Mtundu uliwonse upatseni mphindi ziwiri kapena zitatu.

Mtundu wakuda uyeseni m'chipinda chamdima, usiku kapena makatani atatsekedwa, ndipo dikirani kamphindi kuti maso azolowere. Kachigawo ka buluu kokakamira chiyakire n'kovuta kwambiri kukaona masana, chifukwa maso athu samva buluu msanga poyerekeza ndi wobiriwira. Mitundu yowala mungaiyese nyali ya m'chipinda ili yoyaka. Mukaona chokayikitsa, musachikhudze ndi chala kapena chikhadabo. Dulani kapepala komata, mukaike pambali pake, ndipo pitirizani ndi mitundu yotsalayo mukuyang'ana malo omwewo.

N'chifukwa chiyani mitundu isanu? Woyera ndi wakuda sizikukwanira?

Woyera ndi wakuda zimakuuzani kuti pali vuto, koma mitundu itatu inayo imakuuzani vuto lake lenileni, ndipo nthawi zina ndiyo imaulula chimene chimabisala. Tiyerekeze kuti mwagula monita ya mainchesi 24 Lachisanu, ndipo pa risiti alemba masiku asanu ndi awiri osinthira. Madzulo omwewo mwayamba ndi wakuda: palibe chooneka. Pa woyera, pafupi ndi pakati, mwaona kadontho kotumbuluka, ka buluu wowala wopita kobiriwira, kosaoneka bwino moti mukukayika. Pa wobiriwira palibe, pa buluu palibenso. Koma mutaika wofiira, malo omwewo aoneka akuda bii.

Kumasulira kwake n'kosavuta. Pa wofiira, kachigawo kofiira kokha ndiko kamayenera kuyaka, ndiye ngati pada, kachigawo kameneko ndiko kazima. Pa woyera, tizigawo tiwiri totsala, kobiriwira ndi ka buluu, timayakabe, n'chifukwa chake mudaona mtundu wotumbuluka uja m'malo mwa kuyera. Pa wobiriwira ndi pa buluu kachigawo kofiira kamayenera kukhala kozima kale, choncho vuto silioneka. Mwapeza kachigawo kofiira kamodzi kozima, osati kadontho kathunthu kakufa.

Chikadakhala kuti kachigawo kofiira komweko kakakamira chiyakire, zikadatembenuka: kadontho kofiira pa wakuda, kachikasu pa wobiriwira, kapepo pa buluu, ndipo pa woyera ndi pa wofiira osaoneka kanthu. Kadontho kathunthu kakufa kamaoneka kakuda pa mitundu yonse kupatula wakuda, pamene kowala kamaoneka koyera pa yonse kupatula woyera. Kudziwa zimenezi kumathandiza pokambirana ndi wogulitsa, popeza mapepala a waranti amawerengera mitundu imeneyi padera, ndipo kadontho kowala nthawi zambiri amakatenga kukhala vuto lalikulu kuposa kakuda.

Ndingadziwe bwanji kuti si fumbi, waya kapena kompyuta imene ikulakwitsa?

Pali mayeso anayi achidule. Oyamba ndi kupukutanso: chimene chasuntha kapena kuchoka ndi fumbi lapamwamba. Achiwiri ndi kusuntha mutu kumanzere ndi kumanja mukuyang'ana malowo. Kadontho kenikeni kamakhala pamalo pake pakati pa timadontho tinzake, ndipo m'mbali mwake ndi mowongoka. Fumbi lolowa m'kati, pakati pa magalasi a sikirini, limaoneka ngati likusuntha pang'ono mukasuntha mutu, limakhala lotuwa, lopanda maonekedwe enieni, ndipo kawirikawiri limaphimba timadontho tingapo mosakwanira. Kamera ya foni imathandiza apa: isendezeni pafupi pa mtundu woyera, kulitsani chithunzi, ndipo mudzaona timizere titatu ta kadontho kalikonse ndi kamene kakusowa. Fumbi la m'kati ndi vuto la kufakitale ndithu, ndipo ndi chifukwa chokwanira chokadandaulira.

Mayeso achitatu ndi kujambula sikirini ndi batani la `PrtScn` n'kutsegula chithunzicho pa chipangizo china. Kadontho kowonongeka sikalowa m'chithunzi chotere, chifukwa vuto lili pa galasi, osati m'chithunzi chimene kompyuta ikutumiza. Chikaonekamo, sikirini ilibe mlandu, fufuzani m'kompyuta. Achinayi ndi kusintha waya ndi chipangizo. Waya wa HDMI wolakwika umabweretsa timadontho tothwanima timene timaoneka apa, kenako apo. Kadontho kowonongeka sikasamuka. Kakakhala pamalo omwewo mutalumikiza monita ku laputopu ina ndi waya wina, palibenso chokayikitsa.

Pa mtundu wakuda m'makona mukuwala. Kodi limenelinso ndi vuto la timadontho?

Ayi, koma ndi bwino kuliona m'masiku omwewa. Pa sikirini ya LCD nyali za kumbuyo zimakhala zoyaka ngakhale chithunzi chili chakuda, ndipo kuwala kwina kumadutsa. Pa sikirini za mtundu wa IPS mumaoneka kuwala kotuwa m'makona, kumene kumachepa kapena kusamuka mukabwerera m'mbuyo kapena mukayang'ana konayo molunjika. Kumeneku ndi chibadwa cha IPS, ndipo ngakhale akusinthireni, inayo idzakhalanso nako. Kuwala kotayikira kuchokera m'mphepete, kumene kumakhala pamalo amodzi kaya muime pati, kumachokera ku kamangidwe ka sikiriniyo, ndipo kumasiyana pakati pa monita ndi inzake. Kuweruzeni kuwala kwa sikirini kuli pamene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndi maso anu, chifukwa kamera ya foni mumdima imakokomeza kuwala kumeneku.

Mtundu wotuwa umaulula mawanga ndi mizere yosafanana kuwala, imene imasowetsa mtendere poonera mpira kamera ikamayenda pa bwalo. Sikirini za OLED zilibe nyali za kumbuyo, kachigawo kalikonse kamadziwalira kokha, choncho wakuda wake ayenera kukhala mdima weniweni ndipo kowala kalikonse kamaonekeratu. Pa OLED musasiye mtundu umodzi wowala kwambiri kwa nthawi yaitali. Mphindi zochepa zoyesera zilibe vuto.

Kodi kadontho kolakwika kangakonzeke kunyumba?

Kakufa sikadzuka, chifukwa kasiwichi kake kawonongeka ndipo palibe pulogalamu imene ingakafikire. Komata nthawi zina kamamasuka, kokha kapena mothandizidwa. Pali tsamba lotchedwa JScreenFix limene limaonetsa kabokosi ka mitundu yothwanima mofulumira. Mumakokera kabokosiko pamene pali kadonthoko n'kukasiya mphindi khumi kapena kupitirirapo. Njirayi siikhudza galasi, choncho mungaiyese madzulo amodzi, koma musaiyang'anitsitse, ndipo munthu amene amadwala khunyu atalikire kuthwanimako.

Njira imene simuyenera kuyesa ndi yosindikiza kapena kugogoda malowo ndi chala, cholembera kapena nsalu. Ena amati imagwira, koma kusindikiza kungawononge timadontho toyandikana nato kapena kusiya banga losachoka. Wogulitsa akaona banga lotere amanena kuti mwawononga ndinu, ndipo ufulu wobweza ndi waranti zimapita pamodzi. Pa sikirini imene masiku ake obweza akadalipo, palibe chifukwa choika ndalama zanu pangozi yotere.

Ngakhale kadontho katamasuka, kakhoza kubwerera. Yesaninso mawa lake sikirini itazizira, ndiponso itagwira ntchito maola angapo. Ndipo kaya mudapeza kanthu tsiku loyamba kapena ayi, bwerezani mayeso onse patatsala masiku awiri kuti nthawi yobweza ithe, chifukwa timadontho tina timayamba kuvuta sikirini itagwira ntchito masiku oyambirira.

Ndakapeza. Ndichite chiyani tsopano?

Yambani ndi umboni, tsiku lomwelo. Jambulani zithunzi zitatu: china chosonyeza sikirini yonse ndi kapepala kolozera malowo, china chapafupi pa mtundu umene kadonthoko kakuoneka bwino, ndi china cha nambala ya chipangizo imene ili kumbuyo ndi pa katoni. Polemba, nenani zenizeni: tsiku logula, nambala ya chipangizo, malo a kadonthoko, mitundu imene kakuoneka, ndi chimene mukufuna, kaya kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Pa chitsanzo chathu chija mungalembe kuti, "Monita imene ndidagula Lachisanu ili ndi kachigawo kofiira kozima pafupi ndi pakati. Kakuoneka kakuda pa mtundu wofiira. Ndikupempha kusinthiridwa m'masiku asanu ndi awiri amene adalembedwa pa risiti." Tumizani uthengawu pa imelo kapena pa WhatsApp ngakhale mukupita nokha kusitolo, kuti tsiku limene mudadandaula lioneke.

Ngati mudagula kumene kuli ufulu wosintha maganizo, gwiritsani ntchito ufulu umenewo m'malo motsegula dandaulo la waranti, popeza suyendera chiwerengero cha timadontho. Dziwani kuti ndalama zotumizira katundu pobweza zingakhale zanu. Musanabweze foni kapena laputopu, chotsani maakaunti anu, fufutani zonse, ndipo jambulani sikirini ili yoyaka musanailongedze, kuti pasadzakhale zonena kuti idasweka m'manja mwanu. Akakupatsani ina, iyeseni pomwepo m'sitolo ndi fulashi ija.

Nanga wogulitsa akakana, kapena akaloza chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa?

M'Malawi, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo lakhala likuchenjeza amalonda kuti zikwangwani zotere sizichotsa udindo wawo pa katundu wolakwika. Mukapita kumeneko, tengani risiti, zithunzi ndi mauthenga amene mudalemberana. Mlandu wanu umakhala wolimba ngati masiku osinthira adalembedwa, ngati mudadandaula asanathe, ndiponso ngati timadontho tolakwika tili tingapo, tili pamodzi, kapena tapanga mzere. Mzere wathunthu wolakwika, wotsika kapena wopingasa, ndi vuto lalikulu la sikirini ndipo suwerengedwa m'gulu la timadontho tololedwa.

Kachigawo kamodzi kozima pakona ya sikirini ya 4K, kamene simukaona mutakhala pampando wanu, mungasankhe kukhala nako, makamaka ngati kubweza kukufuna ulendo wautali kapena ngati m'sitolomo mulibe ina yofanana. Zikatero pemphani kuti akuchotsereniko mtengo, ndipo vutolo alilembe pa risiti ndi tsiku lake, kuti timadontho tina tikadzawonjezeka mudzakhale ndi poyambira dandaulo la waranti. Koma kadontho kowala kapena kofiira kamene kali pakati, pa sikirini imene mudzagwirirapo ntchito zaka zinayi kapena zisanu, musakavomere chifukwa chochita manyazi ndi wogulitsa. Bwezani masiku akadalipo.